Kalata yogogoda pa kampani imene sinalengeze ntchito

Pa mageti a makampani ambiri ku Kanengo kapena ku Makata pamakhala chikwangwani chonena kuti ntchito palibe. Chikwangwanicho chimanena za lero lokha. Mawa wina adzapuma pa ntchito, wina adzapeza malo kwina, ndipo nyengo ikasintha fakitale idzafuna manja owonjezera. Si malo onse otere amene amafika mu The Nation kapena The Daily Times, chifukwa kulengeza kumadya ndalama ndi nthawi. Bwana akafuna munthu mwamsanga amayamba wafunsa ngati pali dzina limene ali nalo kale. Kalata yofunsa za ntchito zam'tsogolo imalembedwa kuti dzina lanu likhale pafupi tsiku limenelo.

Kalatayi imasiyana ndi yoyankha chilengezo. Pa chilengezo kampani yanena kale chimene ikufuna, inu mumangosonyeza kuti muli nacho. Apa palibe amene wakuitanani, ndiye ntchito yofufuza chosowa cha kampaniyo ndi yanu. Ambiri amagwa pomwepa polemba kuti, "Ndikupempha ntchito ina iliyonse imene ilipo." Wolandira kalata yotere sadziwa kuti aipereke kwa ndani, kwa mkulu wa galaja, wa sitolo kapena wa maakaunti, choncho imathera m'katoni pamodzi ndi zinzake.

Tiyerekeze mtsikana wa ku Chikwawa amene waphunzira zamagetsi pa koleji ya ntchito zamanja, ali ndi setifiketi ya TEVETA, ndipo wagwirapo miyezi isanu ndi umodzi pa chigayo chachikulu. Akufuna kulowa pa fakitale ya shuga. Asanagwire cholembera ayenera kudziwa kalendala ya fakitaleyo. M'Malawi nzimbe zimagayidwa m'nyengo yopanda mvula, kuyambira cha mu Epulo mpaka cha mu Novembala. Mvula ikayamba makina amaima, ndipo ndi nthawi imene amisiri amamasula mamota, kusintha mabering'i ndi kukonza mawaya. Choncho kalata ya mmisiri wa magetsi ikafike cha mu Okutobala, mabwana akukonza ndondomeko ya ntchitoyo. Ikafika mu Febuluwale ipeza anthu atatengedwa kale.

Ntchito iliyonse ili ndi kalendala yake. Misika ya fodya ku Kanengo, Limbe, Chinkhoma ndi Mzuzu imatsegulidwa cha mu Epulo, ndiye wofuna ukalaliki kumeneko alembe chaka chikangoyamba. M'minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje masamba amachuluka m'dzinja, choncho kalata ipite mvula isanagwe.

Chachiwiri ndi kudziwa woti mumulembere. Kalata yongoti "kwa amene zikumukhudza" siikhudza aliyense. Mtsikana wathuyu aimbe foni ku ofesi kapena afunse mwaulemu pa geti kuti woyang'anira zolemba anthu ntchito ndani, dzina lake limalembedwa bwanji, ndipo makalata amalandira pamanja kapena pa imelo. Ngati n'kotheka, ina ipite kwa injiniya woyang'anira zamagetsi, chifukwa iyeyo ndiye amayamba kudziwa kuti gulu lake laperewera.

Makalata ambiri otere amalembedwa m'Chingerezi, koma mfundo zake n'zimodzi m'chilankhulo chilichonse, ndipo zonse zikwane tsamba limodzi. Ndime yoyamba inene poyera kuti mukudziwa kuti sanalengeze ntchito, kenako itchule ntchito imene mukufunsa. Mtsikanayu angalembe kuti: "Ndikudziwa kuti pakali pano simunalengeze malo alionse. Ndalemba kuti ndifunse ngati mudzafune amisiri a magetsi pa nthawi yokonza makina mvula ikayamba." Mawu awiriwa akumuuza bwana kuti wolembayo sanasokere, ndiponso kuti akudziwa mmene fakitale imayendera.

Ndime yachiwiri ndi ya umboni, ndipo apa mpamene pafunika kudekha. Mawu akuti "ndine wolimbikira ntchito, wokhulupirika ndi woopa Mulungu" aliyense amalemba, ndipo palibe angawatsimikize pa pepala. Iye anene zimene manja ake anachita: "Pa chigayo ndinkayang'anira mamota anayi a magetsi a mafezi atatu. Imodzi inkazima yokha ikatentha, ndinapeza kuti waya wa pa sitata unali wosamanga bwino, ndinaukonza ndipo vutolo linatha." Injiniya akawerenga zimenezi amaona munthu amene angamutume. Zitsanzo ziwiri n'zokwanira, zina zonse zili mu sivi, chikalata chija cha mbiri ya maphunziro ndi ntchito, chimene chimapita pamodzi ndi kalatayi. Mavuto a kunyumba, monga a fizi ya abale kapena matenda a makolo, ngakhale ali oona, asalowemo. Kampani imalemba munthu chifukwa cha vuto lake iyoyo.

Ndime yomaliza ipemphe chinthu chaching'ono chimene bwana angavomere popanda kuitanitsa msonkhano. Ntchito sangakulonjezeni, koma angathe kusunga sivi yanu, kukuuzani mwezi umene amalemba anthu, kapena kukupatsani mphindi khumi zoti muonane. Mtsikanayu angawonjezere kuti ali wokonzeka kuyamba ndi ntchito ya miyezi yochepa, chifukwa mafakitale oyendera nyengo amatenga anthu ambiri mwa njira imeneyo. Pansi alembe nambala ya foni imene imakhala yotsegula.

Potumiza pa imelo, mutu wa uthenga utchule ntchitoyo ndi dzina lanu, kalata ikhale mu uthenga momwemo, ndipo sivi ipite ngati PDF, osati chithunzi chojambula ndi foni patebulo. Popereka pamanja, musasiye masetifiketi enieni, siyani mafotokope. Lembani penapake tsiku limene mwapereka ndi dzina la amene walandira.

Pakatha masabata awiri kapena atatu, imbani kamodzi kufunsa ngati kalata inafika. Yankho lake limakuuzani pamene muli. Akati "tidzakuimbirani" osafunsa kalikonse, musayembekezere zambiri. Akakufunsani kuti mungayambe liti, kapena akakuuzani kuti mudzaimbenso mwezi wakuti, ndiye kuti kalata yafika pa tebulo loyenera. Kuimba tsiku ndi tsiku kumatopetsa anthu. Ndi bwino kulembanso nyengo ina ikayandikira, makamaka ngati mwawonjezera luso kapena pepala lina.

Kalatayi ili ndi malire ake. Ntchito za m'boma zimadutsa m'chilengezo ndi mayeso a pakamwa, ndipo kalata yongogogoda siingalumphe ndondomeko imeneyo. Makampani ena akuluakulu nawonso amalandira mafomu a pa intaneti okha, kotero kwa iwo phindu la kalata ndi kungodziwa nthawi yoti muyambe kuyang'anira chilengezo. Imagwira bwino pa makampani aang'ono ndi apakati, kumene mwini wake kapena manejala amasankha yekha munthu.

Chenjerani ndi foni imene ingabwere pambuyo pake yonena kuti malo apezeka, koma mutumize kaye ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba kuti fayilo yanu iyende. Akuba amadziwa kuti wofuna ntchito amakhala ndi mtima wofulumira. Kampani yoona siigulitsa ntchito. Dulani foniyo, muimbe pa nambala ya ofesi imene munaipeza nokha, mufunse munthu amene munamulembera uja.