Vidiyo yotuwa mbuu: chimachititsa n'chiyani, nanga mitundu imabwerera bwanji?

Aliyense amene anajambulapo vidiyo ya ukwati m'mwezi wa Okutobala, dzuwa lili paliwombo, amalidziwa vuto ili. Mkwatibwi wavala diresi loyera ndipo waima padzuwa, pamene mkwati ndi suti yake yakuda ali mumthunzi wa tenti. Maso athu amaona zonse bwinobwino, maluwa osokedwa pa diresi ngakhalenso mabatani a suti. Kamera yongotuluka nayo m'sitolo siitha kutero. Mukaitsegulira kuwala kuti nkhope ya mkwati ioneke, diresi limangoti mbee popanda ulusi wooneka. Mukaichepetsera kuwala kuti diresi lipulumuke, mkwati amamira mumdima.

Ojambula amayeza kuwala m'masitopu. Sitopu imodzi ndi kuwirikiza kuwala kawiri, masitopu awiri ndi kanayi, atatu kasanu n'katatu. Kachipangizo kolandira kuwala m'makamera ambiri a masiku ano kamatha kugwira masitopu oposa 12 kuchokera kumdima mpaka kowala kwambiri. Koma wailesi zakanema ndi makompyuta ambiri amatsatira muyezo wotchedwa Rec.709, umene unakhazikitsidwa mu 1990, ndipo malo ake ndi ochepa: masitopu asanu kapena asanu ndi imodzi basi ndi amene amakwanamo momasuka. Choncho kamera ikamapanga yokha chithunzi chokongola choti muonere pompo, imataya zambiri zimene inaona, ndipo zotayikazo sizibwereranso.

Kujambula mu logi ndi njira yokanira kutayako. Kamera imatenga masitopu onse aja n'kuwapanikiza kuti akwane m'fayilo, sitopu iliyonse n'kupatsidwa malo pafupifupi ofanana ndi inzake. Maganizowa ndi akale ndithu. Kampani ya Kodak inawagwiritsa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 m'makina ake otchedwa Cineon, osamutsira filimu pa kompyuta. Lero kampani iliyonse ili ndi logi yake: Sony ili ndi S-Log2 ndi S-Log3, Panasonic ili ndi V-Log, Canon ili ndi Canon Log, ndipo kuyambira mu 2023 foni ya iPhone 15 Pro imajambula mu Apple Log. Pano titsatira S-Log3 yokha, poti manambala ake ndi osavuta kuwagwira.

Tiyerekeze makwerero a masitepe oyambira pa 0, pamene ndi mdima bii, kufika pa 1023, pamene ndi poyera mbee. Mu S-Log3, chinthu chakuda kwambiri sichikhala pa 0 koma pa 95. Khadi lotuwa limene ojambula amayezera kuwala, lija limabweza magawo 18 pa 100 aliwonse a kuwala kolifikira, limakhala pa 420. Pepala loyera limakhala pa 598, kungodutsa pakati pang'ono. Masitepe otsala pamwambapo asungidwira zinthu zowala kuposa pepala: mitambo, malata onyezimira, zenera la m'tchalitchi. Tsono sikirini yanu sidziwa za mgwirizano umenewu. Ikaona 95 imaonetsa chotuwa choderako, ikaona 598 imaonetsa chotuwa chowalirako, ndipo chithunzi chonse chimaoneka mbuu.

Mitundu imafooka pa chifukwa chofananako. Logi imayenda limodzi ndi muyezo wa mitundu wotakata kwambiri, kwa Sony ndi S-Gamut3.Cine, umene umasunga zofiira ndi zobiriwira zakuya zoti sikirini wamba siingazionetse. Nambala imene mu muyezo wotakatawo ikutanthauza chitenje chofiira psuu, sikirini ya Rec.709 imaiwerenga ngati chofiira chosuluka. Palibe chimene chawonongeka. Vidiyo ya logi ili ngati mfutso: ndiwo zonse zilimo, koma sudya usanaphike, ndipo kaphikidwe kake kali ndi njira yake.

Ntchito yobwezeretsa mitundu imayamba tsiku lojambula, kompyuta isanayatsidwe n'komwe. Pa makamera ambiri a Sony, S-Log3 ndi S-Gamut3.Cine zimapezeka pa PP8, ndipo pa kamera yonga a7 III mukasankha pamenepo ISO siitsika kupitirira 800. Padzuwa lathu la masana, ISO 800 ndi yochuluka zedi. Ngati mukujambula zithunzi 25 pa sekondi, liwiro la chotsekera lili pa 1/50, ndipo mukufuna diso la kamera likhale pa f/4 kuti kumbuyo kukhale kofewa, kuwala kwapyola ndi masitopu pafupifupi 8. Mankhwala ake ndi fyuluta yodetsa ya ND yoika kutsogolo kwa galasi. Popanda iyo, logi panja masana ndi chintchito. Tsegulaninso Gamma Display Assist, kuti kasikirini ka kamera kazikuonetsani chithunzi chokhala ndi mitundu pamene fayilo ikusungidwa mu logi. Izi zimathandiza kuona ngati nkhope yalunjikidwa bwino, chifukwa pa chithunzi chotuwa diso limanamizika msanga.

Pali malangizo amene amamveka kwambiri pakati pa ojambula, akuti mu S-Log3 uziwonjezera kuwala ndi sitopu imodzi kapena iwiri. Chifukwa chake n'chomveka. Kumdima ndi kumene kumakhala timadontho tovinavina towononga chithunzi, ndipo mukajambula mowala n'kudzatsitsa pa kompyuta, timadonthoto timatsika nawo n'kubisika. Kwa ife zimenezi n'zofunika kwambiri, popeza khungu lakuda limabweza kuwala kochepa, ndipo nkhope ndi malo amene timadontho timaonekera moipa kuposa pena paliponse. Koma malangizowa ali ndi malire, ndipo ukwati uja ukutionetsa pamene akulekezera.

S-Log3 imasunga masitopu pafupifupi 6 pamwamba pa khadi lotuwa, kulekezera cha pa 890 pa makwerero aja. Nsalu yoyera imawala kuposa khadi ndi masitopu awiri ndi kachigawo, tinene 2.3. Ngati mkwati ndi mkwatibwi onse ali mumthunzi umodzi, mukhoza kuwonjezera sitopu imodzi mopanda mantha: khadi lichoka pa 420 kufika cha pa 496, diresi likwera masitopu 3.3, malo akadalipo ambiri. Koma ngati mwayezera khadi mumthunzi wa mkwati pamene diresi lili padzuwa, kumene nthawi zambiri kumawala kuposa mumthunzi ndi masitopu atatu, diresi lafika kale pa 5.3. Lakwana, koma mothinana. Mukawonjezera sitopu ina lifika pa 6.3, ladutsa malire, ndipo maluwa a pa diresi apita osadzabweranso. Pamenepo siyani khadi pa 420, kapena pemphani mwaulemu kuti akwatiwo asendere malo amodzi. Kusuntha anthu mapazi atatu kumakonza zimene logi singakonze.

Tsopano pa kompyuta. Ambiri akaona chithunzi chotuwa amathamangira Contrast ndi Saturation n'kumakoka mpaka diso likhutire. Ine njira imeneyi sindiilimbikitsa. Kupanikiza kuja kunachitika motsatira masamu odziwika, ndipo kumamasulidwa bwino ndi masamu omwewo. Mukakoka ndi dzanja, mdima ndi kuwala zikhoza kuoneka bwino, koma mitundu siibwerera pamalo pake: khungu limapendekera kuchikasu kapena kobiriwira, ndipo pokonza khungulo mumapeza mwawononga udzu ndi thambo.

Mu pulogalamu ya DaVinci Resolve, imene ili ndi mtundu waulere, pitani pa tsamba la Color n'kupanga timabokosi titatu totsatizana, timene pulogalamuyo imatitcha Node. Yambani ndi kapakati. Ikanipo Color Space Transform n'kuuza pulogalamu kumene chithunzi chikuchokera ndi kumene chikupita:

```
Input Color Space:  Sony S-Gamut3.Cine
Input Gamma:        Sony S-Log3
Output Color Space: Rec.709
Output Gamma:       Gamma 2.4
```

Nthawi yomweyo suti ida, diresi liyera, zitenje za amayi zibwerera mwakale. Amene akugwiritsa ntchito pulogalamu ina akhoza kuchita zomwezi ndi LUT, kafayilo kothera ndi .cube kamene kampani yopanga kamera imapereka, kosinthira nambala iliyonse ya logi kukhala nambala ya Rec.709.

Kenako bwererani ku kabokosi koyamba, kamene kali patsogolo pa kusinthako. Apa ndi pokonzera kuwala ndi kuyera kwa zoyera. Ngati munawonjezera sitopu imodzi, chithunzi chioneka chowala mopyola. Zimitsani kabokosi kapakati kwakanthawi, tsegulani Waveform, ndipo tsitsani Offset mpaka khadi lotuwa lichoke pa 496 kubwerera pa 420, kenako yatsaninso. Offset ndi woyenera pano chifukwa mu logi masitopu ali ndi malo ofanana, ndiye kusuntha chithunzi chonse pamodzi kumafanana ndi kutembenuza diso la kamera. Dongosolo limeneli n'lofunika makamaka kwa ogwiritsa ntchito LUT. LUT imadula chilichonse chopyola malire ake, ndipo mukayesa kutsitsa kuwala pambuyo pake mumangopeza diresi lotuwa lopanda maluwa, pamene m'fayilo maluwawo alimo. Kabokosi kachitatu ndi ka zokonda zanu: kuwonjezera Contrast pang'ono, kutenthetsa mitundu ya madzulo. Zikhale zapang'ono, ndipo muziyang'ana nkhope nthawi zonse.

Zikalakwika, chithunzi chimanena chokha. Ngati mithunzi yada bii, khungu lasanduka lofiirira ngati njerwa, kawirikawiri kusintha kwachitika kawiri: pulogalamu inazindikira yokha logi n'kuisintha, inu n'kuikanso LUT pamwamba. Ngati chithunzi chawala kapena kuda modabwitsa pamene munayeza bwino, onani ngati simunasankhe S-Log2 m'malo mwa S-Log3, chifukwa khadi lotuwa limakhala pamalo osiyana mu ziwirizi. N'chifukwa chake ndi bwino kulemba papepala logi imene kamera iliyonse yagwiritsa ntchito, makamaka pa ukwati wojambulidwa ndi makamera awiri a makampani osiyana. Iliyonse imafuna kusintha kwakekwake.

Pali vuto lina limene silichokera m'manja mwanu koma m'kamera. Makwerero a masitepe 1024 aja ali m'makamera ojambula mu mabiti 10. Makamera ambiri otsika mtengo, kuphatikizapo a7 III ikamasunga pa khadi lake, amajambula mu mabiti 8, amene ali ndi masitepe 256 okha. Sitopu imene mu mabiti 10 inali ndi masitepe oposa 70 imatsala ndi osapitirira 20. Mukatambasula chithunzi choterocho, malo osalala monga thambo kapena khoma la holo amagawika mizeremizere, ndipo masaya amachita zigambazigamba. Ndi kamera yotere, sungani logi kuti igwire ntchito pamene kuwala ndi mdima zatalikirana kwambiri. Mwambo wa perekaniperekani ukachitikira m'holo ya magetsi ofooka madzulo, palibe kuwala kopyola koti mupulumutse, ndipo logi ingokuchulukitsirani timadontho pankhope za alendo. Pamenepo zimitsani PP8, jambulani mwa nthawi zonse, muyeze kuwala pa nkhope ya mkwatibwi.