Tsamba la Facebook la shopu likagona zaka ziwiri

Mlongo wanga ali ndi shopu ya utelala ku Limbe. Tsiku lina mayi wina analowa m'shopumo nkhope ili gwaa, n'kumuonetsa foni. Anali atalemba uthenga katatu pa tsamba la Facebook la shopuyo kufunsa za madiresi a aperekezi a ukwati, koma palibe anamuyankha. Ataimba nambala yolembedwa pa tsambalo, anayankha ndi bambo wina amene za utelala sankazidziwa n'komwe. Mlongo wangayo anachita kakasi, chifukwa tsambalo anali ataliiwala. Analitsegula mu 2020 ndi mnyamata amene ankamuthandiza kusoka, ndipo mnyamatayo atapita ku Joni, tsambalo linangogona.

Madzulo ake anandiitana n'kunena kuti, "Achimwene, lifufuteni basi, likundichotsa ulemu." Ndinamupempha kuti tiyambe taliunika kaye, pakuti akaunti ya bizinesi yogona imafanana ndi sitolo imene yatsekedwa nthawi yaitali: muli katundu wabwino, wina wofunika kukonza, wina wotaya, ndipo simungadziwe musanalowe.

Kulowako ndiye nkhani yoyamba, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa zonse. Ambiri amathamangira kuwerenga otsatira, koma funso loyamba ndi lakuti kiyi ali ndi ndani. Tsamba la bizinesi lilibe pasiwedi yakeyake. Limayendetsedwa kudzera m'maakaunti a anthu amene anapatsidwa mphamvu. Mukalowa mu Settings n'kupeza Page access, mumaona mayina awo. Ena amapatsidwa ntchito zochepa, monga kulemba ndi kuyankha mauthenga, pomwe ena ali ndi full control, kutanthauza mphamvu zonse. Munthu wa mphamvu zonse angathe kukuchotsani inuyo eni ake, ngakhale kufufuta tsamba lonse. Ife tinapeza mayina atatu: mlongo wanga, amene anali ndi mphamvu zochepa, mnyamata wa ku Joni uja, amene anali ndi zonse, ndi munthu wina amene tonse sitinkamudziwa.

Apa ndi pamene pamagona chigamulo. Mwayi wake, mnyamatayo anachoka mwamtendere. Tinamupeza pa WhatsApp, ndipo usiku womwewo anapereka mphamvu zonse kwa mlongo wanga. Tinachotsa mlendo uja, kenako mnyamatayo, n'kuikapo mwana wamkulu wa mlongo wanga kuti akhale wachiwiri, kuopa kuti foni imodzi ikatayika zonse zingatayikire pomwepo. Tinayatsanso Two-factor authentication pa maakaunti a onse awiri, kuti wakuba pasiwedi asalowe popanda nambala yachinsinsi yobwera pa foni. Akanakana mnyamatayo, kapena akanasowa, ndikanalangiza kuti tilisiye tsambalo titsegule lina. Kudandaula ku kampani ya Meta n'kotheka, koma kumafuna zikalata ndipo kumatenga nthawi, ndipo sindiona nzeru yothirira dimba limene mwini mpanda angakutulutsenimo tsiku lililonse.

Titagwira kiyi, tinayang'ana kumene tsambalo limalozera makasitomala. Nambala ija inali ya simu kadi imene mnyamatayo anaisiya. Makampani a mafoni amatenga nambala yosagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali n'kuipereka kwa munthu wina, n'chifukwa chake anayankha bambo wachilendo. Choopsa apa n'chakuti kasitomala akanatha kutumiza ndalama ya chikole pa nambala imeneyo kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba, akuganiza kuti akulipira shopu. Tinaisintha nthawi yomweyo, pamodzi ndi batani la WhatsApp, malo a shopu ndi maola otsegulira. Izi n'zokonza, ndipo sizitenga ngakhale ola limodzi.

Mitengo nayo inali yakale. Zithunzi za 2021 zinali ndi mitengo ya 2021, pomwe kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 komanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Munthu woona mtengo wakalewo akafika m'shopu amaganiza kuti mwamukwezera dala. Zithunzi za madiresi osokedwa bwino tinazisunga, popeza ndi umboni wa luso la manja, koma tinachotsa mitengo m'mawu ake. Zimene mtengo unalembedwa pa chithunzi penipeni tinazifufuta, limodzi ndi zotsatsa za Khirisimasi zimene zinatha kalekale.

Kenako tinafika pa otsatira. Tsambalo linali ndi anthu oposa 4,000, ndipo mlongo wanga atamva chiwerengerocho anayamba kulikondanso. Koma chiwerengero chokha sichinena kanthu. Mu Professional dashboard, pansi pa Insights, muli gawo la Audience limene limaonetsa mizinda ndi mayiko kumene otsatirawo ali. Telala wa ku Limbe amafuna anthu a ku Blantyre, Chiradzulu, Thyolo, ndi a ku Joni amene amatumiza ndalama zosokera maukwati a kumudzi. Mukapeza kuti ambiri ali m'mayiko amene simunagulitseko kanthu, dziwani kuti wina anagula otsatira kapena anatsatsa mosasankha dera. Otsatira otero amalemetsa tsamba, chifukwa Facebook imayang'ana mmene anthu akulandirira zimene mwalemba, ndipo ikaona kuti ali chete siipititsa kutali. Chizindikiro china mungachione ndi maso: tsegulani zolemba khumi zomaliza muwerenge ndemanga. Kodi ndi za anthu ofunsa mtengo ndi malo, kapena ndi za mayina achilendo oika malinki?

Pa tsamba la mlongo wanga, ambiri anali a ku Blantyre, ndipo mu bokosi la mauthenga munali mafunso oposa makumi asanu osayankhidwa. Kwa ine amenewa ndiwo anali chuma chenicheni cha akauntiyo, chifukwa aliyense wa iwo anafuna kugula n'kupeza chitseko chotseka. Amene analemba m'miyezi itatu yapitayo tinawayankha mmodzimmodzi ndi chipepeso chachifupi komanso nambala yatsopano. Akale kwambiri tinawasiya. Ukwati wa 2022 unachitika kale.

Tinayang'ananso mu Ad Center ngati pali malonda amene akudyabe ndalama pa khadi la ku banki. Panalibe.

Chotaya chinapezeka pamapeto. Titalemba dzina la shopu pofufuzira, panatuluka tsamba lachiwiri la dzina lomwelo, la otsatira osakwana 200, limene mlongo wanga anatsegula yekha nthawi ina atalephera kulowa m'loyamba. Masamba awiri amagawa makasitomala, ndipo limodzi limakhala losayankhidwa. Facebook imalola kuwaphatikiza ngati muli ndi mphamvu pa onse awiri, mayina ake ndi ofanana, ndipo akuimira bizinesi imodzi. Otsatira amasamukira ku tsamba lotsalalo, koma zolemba ndi zithunzi za linalo zimafufutika, ndipo mukaphatikiza simungabwezenso. Choncho tinayamba takopera zithunzi zake m'foni, kenako n'kuphatikiza. Akaunti ya Instagram, imene inali ndi zithunzi zisanu ndi chimodzi zokha, tinaitseka. Ndinamufunsa kuti, "Mlongo, pa sabata mungapatule nthawi yochuluka bwanji?" Anati mphindi makumi awiri madzulo alionse akatseka shopu, ndipo nthawi imeneyo ikwanira tsamba limodzi ndi WhatsApp basi.

Mayi uja anabweranso Loweruka ndi aperekezi ake asanu ndi mmodzi kudzayezetsa. Mlongo wanga anawajambula nsalu zawo zili pa tebulo, atawapempha chilolezo, ndipo chimenecho chinakhala chithunzi choyamba kuikidwa pa tsambalo m'zaka ziwiri.