Chifukwa chake saini amabala kosaini

Ophunzira masamu ambiri amangoloweza kuti derivetivu ya saini ndi kosaini. Koma lamuloli lili ndi gwero lake, ndipo gwerolo ndi kafulakishoni kamodzi, sin h / h.

Derivetivu imatiuza msanga umene chinthu chikusinthira pamalo amodzi. Kuti tiupeze, timasuntha x pang'ono ndi kanambala h, n'kugawa kusintha kwa saini ndi h yemweyo, kenako n'kuona kumene yankho likulowera h akamayandikira ziro:

[sin(x + h) − sin x] / h

Kungoika ziro m'malo mwa h sikuthandiza, chifukwa timapeza 0/0. Choyamba timamasula sin(x + h) kukhala sin x cos h + cos x sin h. Tikasonkhanitsa zofanana, pamatuluka zigawo ziwiri:

sin x · (cos h − 1)/h + cos x · (sin h / h)

Onani chigawo chachiwiri. Ikani kakyuleta pa maradiyani: h akakhala 0.1, sin h / h ndi 0.99833, akakhala 0.01, ndi 0.99998. Tikulowera ku 1. Komabe nambala zimangolozera, umboni weniweni uli m'bwalo lozungulira lomwe mtunda wochoka pakati kufika m'mphepete ndi 1. Kagawo ka bwalo kotsekulidwa ndi ngodya h kali ndi malo okwana h/2, ndipo kapanikizika pakati pa mathirayango awiri, yaing'ono ya (sin h)/2 ndi yaikulu ya (tan h)/2. Kuchokera apa, sin h / h amakhala pakati pa cos h ndi 1. Poti cos h nayenso amapita ku 1, wapakatiyo alibe kothawira.

Chigawo choyamba chimadalira mfundo yomweyi. Tikachulukitsa (cos h − 1)/h pamwamba ndi pansi ndi cos h + 1, timapeza −(sin h / h) · sin h/(cos h + 1), zomwe zimalowera ku −1 · 0/2, kutanthauza ziro. Choncho sin x yense amafufutika, n'kutsala cos x yekha.

Tiyese pa x = π/3, pomwe kosaini ndi 0.5. Ndi h = 0.01, saini amachoka pa 0.866025 kufika pa 0.870982, ndipo kusinthaku tikakugawa ndi 0.01 timapeza pafupifupi 0.4957. Kakusiyana kotsalako kamachokera ku chigawo choyamba chija, chomwe sichinafike pa ziro.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa madigiri. Malo a kagawo kaja amakwana h/2 pokhapokha ngodya itayezedwa m'maradiyani. M'madigiri, sin h / h amalowera ku π/180, pafupifupi 0.01745, ndipo derivetivu imasanduka (π/180) cos x. Mukayesa chitsanzo chathu n'kupeza nambala yaing'ono kwambiri m'malo moyandikira 0.5, yang'anani kakyuleta yanu: mwina ili pa DEG m'malo mwa RAD.