Intaneti ilipo, koma Outlook yakana kulumikiza: vuto limakhala pati?

M'maofesi ambiri mumamveka dandaulo ili: "Netiweki ili bwinobwino, Chrome ikutsegula chilichonse, koma maimelo sakulowa." Munthu amazimitsa kompyuta n'kuyatsanso, amagula bandulo ina, mwinanso kukalipira wa IT, koma makalata amene analemba m'mawa ali phee mu Outbox. Kawirikawiri yankho limakhala litalembedwa kale pa sikirini, m'timalemba ting'onoting'ono timene ambirife sitiwerenga.

Tikambe za Outlook yakale ya pa Windows, ija imabwera pamodzi ndi Word ndi Excel, chifukwa ndi imene maofesi ambiri akugwiritsabe ntchito. Pansi penipeni pa windo lake, chakumanja, pali kamzere kamene pulogalamuyi imanenapo mmene zinthu zilili. Zikakhala bwino pamalembedwa Connected. Zikavuta pamatha kulembedwa Working Offline, Disconnected, Trying to connect kapena Need Password. Anthu amangoti "yapita ofulaini" pa zonsezi, koma ndi matenda osiyana, ndipo mankhwala ake ndi osiyananso. Choncho musanakhudze chilichonse, werengani kamzereko.

Mukaona Working Offline, dziwani kuti Outlook sikuyesa n'komwe kulumikiza. Inauzidwa kuti ikhale payokha, ndipo ikungomvera. Pamwamba, pa gawo la Send / Receive, pali batani lolembedwa Work Offline. Analiikapo pofuna kuthandiza munthu amene ali paulendo, kuti azitha kuwerenga makalata akale ndi kulemba atsopano popanda pulogalamu kumangovutika kufunafuna seva. Vuto lake n'lakuti batanili likadinidwa, mwadala kapena mwangozi, Outlook imakumbukira. Mungazimitse kompyuta kakhumi, idzadzukabe ili momwemo. Bandulo yatsopano siingasinthe kanthu, chifukwa intaneti si imene yalakwa. Dinani batanilo kamodzi kokha, kenaka dikirani pang'ono mukuyang'ana kamzere ka pansi kaja. Ambiri amalidina kawiri mofulumira poganiza kuti silinamve, osadziwa kuti kudina kwachiwiriko kwabwezera zinthu pomwe zinali.

Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepa. Koma bwanji ngati mwadina, mawu asintha kukhala Trying to connect, kenaka Disconnected? Apa ndiye kuti Outlook ikufuna kulumikiza koma pali chimene chikuitsekereza. Tiyeni titsatire chitsanzo chimodzi mpaka kumapeto.

Tiyerekeze kuti mlembi wa pa ofesi ina ali ndi lipoti loyenera kufika kulikulu isanakwane nthawi yoweruka. Imelo ya kuntchito kwawo ili pa Microsoft 365. Wadina Work Offline, koma pansi pakuti Disconnected. Chinthu choyamba chanzeru ndi kutsegula Chrome n'kulowa mu imelo yomweyo kudzera pa tsamba la outlook.office.com. Kuyesa kumeneku kumagawa vuto pawiri. Tsambalo likakana pasiwedi yake kapena likalephera kutseguka, vuto lili ku akaunti kapena ku seva, ndipo kusokoneza Outlook sikungathandize. Likatseguka, makalata atsopano n'kuoneka, ndiye kuti akaunti ili bwino, seva ili moyo, ndipo vuto lili pakati pa kompyutayo ndi netiweki. Komanso lipoti lija akhoza kulitumiza pomwepo, mtima n'kukhala m'malo.

Kwa mlembi wathuyu tsamba latseguka. Tsopano ayang'ane pakona ya kumunsi kwa sikirini, pafupi ndi wotchi. Pamene pamayenera kukhala chizindikiro cha Wi-Fi pali kachithunzi ka dziko lapansi, ndipo akaloza ndi mausi pakulembedwa kuti No internet access. Zodabwitsa, poti Chrome ikugwira ntchito. Chinsinsi chake n'chakuti Windows ili ndi njira yakeyake yodziwira ngati intaneti ilipo. Ikangolowa pa netiweki, imapita kukatenga kafayilo kakang'ono pa adiresi iyi:

```
http://www.msftconnecttest.com/connecttest.txt
```

M'kafayilomo muli mawu atatu okha: Microsoft Connect Test. Windows ikawalandira, imauza mapulogalamu onse kuti intaneti ilipo. Ikapanda kuwalandira, ikhoza kulengeza kuti kulibe, ngakhale masamba ena onse akutseguka. Chrome sidikira chilengezo chimenechi, imangopita kukagogoda pa tsamba limene mwaiuza. Koma mapulogalamu a Office amachimvera, makamaka pa nthawi yotsimikizira akaunti. Zili ngati mlonda wa pageti amene wauza anthu a m'nyumba kuti mlatho wakokoloka: mwana wosamva wadutsa n'kukafika kumsika, pamene womvera wakhala pakhonde kudikira.

Mlembi uja alembe yekha adiresiyo mu Chrome. Ngati mawu atatu aja sakuoneka, pali chimene chikutchinga njira: mwina pulogalamu ya VPN imene inasiyidwa yoyaka, mwina pulogalamu yoteteza ku mavairasi, mwinanso makina a netiweki ya pa ofesipo amene anaikidwa kuti azitseka masamba ena. Pa Wi-Fi ya ku hotela kapena ku malo a misonkhano, chotchinga chimakhala tsamba lija lofuna kuti muvomereze malamulo kaye musanapitirire. Njira yachidule yodziwira wolakwa ndi kusintha netiweki. Azimitse VPN, achoke pa Wi-Fi ya ofesi, alumikize laputopu ku hotisipoti ya foni yake. Kachithunzi ka dziko kakachoka, Outlook n'kulumikiza, ndiye kuti kompyuta ilibe mlandu. Chimene angauze wa IT tsopano si "imelo yafa" ayi, koma kuti netiweki ya ofesi ikutseka adiresi yakutiyakuti.

Komabe hotisipoti ili ndi msampha wake, ndipo umagwira ambiri kuno kwathu kumene ntchito yambiri imayendera bandulo ya pa foni kapena ka MiFi. Windows imatha kuika netiweki yotere m'gulu la Metered connection, kutanthauza kuti deta yake ndi yolipira mwa muyeso. Outlook ikaona zimenezi imadziletsa yokha kuti isakumalizireni bandulo, ndipo imaonetsa chenjezo pamwamba pa makalata lokhala ndi batani la Connect anyway. Mlembi wathu akadina pamenepo, Outbox iyamba kupungula. Akafuna kuti chenjezolo lisamabwerenso, apite ku Settings, kenaka Network & internet, asankhe netiweki imene ali, n'kuzimitsa Metered connection. Koma adziwe mtengo wake: akatero, Windows nayo imamasuka kukoka zinthu zake zatsopano pa bandulo yomweyo, ndipo zimatha kukhala zazikulu kwambiri. Kwa munthu wa bandulo yochepa, kudina Connect anyway nthawi iliyonse kuli bwino kuposa kuchotseratu chitetezocho.

Mawu akuti Need Password ndi nkhani ina. Apa Outlook yafika ku seva, koma seva yaibweza. Zimachitika kwambiri munthu akasintha pasiwedi pa foni kapena pa tsamba, pomwe kompyuta ikutumizabe yakale imene inasunga. Dinani pa mawuwo kuti kabokosi kolembamo pasiwedi katuluke. Kakapanda kutuluka, tsekani Outlook, tsegulani Credential Manager mu Control Panel, pitani ku Windows Credentials, ndipo chotsani mizere yokhayo imene ili ndi dzina la Outlook kapena MicrosoftOffice. Mukatsegulanso pulogalamuyo idzafunsa mwatsopano.

Pali pena pamene pasiwedi imakhala yolondola koma seva n'kumakanabe, ndipo chifukwa chake ndi ukalamba wa pulogalamu. Google inayamba kukana njira yakale yongotumiza dzina ndi pasiwedi pa maakaunti wamba a Gmail mu 2022. Microsoft inachita chimodzimodzi pa maimelo a makampani kuyambira Okutobala chaka chomwecho, ndipo pa Outlook.com ndi Hotmail inatero mu Seputembala 2024. Masiku ano sevazi zimafuna kuti munthu alowe kudzera pa katsamba kawo kamene kamatuluka pa sikirini, nthawi zina n'kutsimikiziranso pa foni. Outlook 2010 siidziwa njira imeneyi. Ngati laputopu yanu ili ndi Office yakale chonchi, kudinadina sikungaphule kanthu. Chofunika ndi pulogalamu yatsopano, kapena kugwiritsa ntchito tsamba la imelo.

Amene imelo yawo imayendera IMAP, monga Gmail kapena imelo ya kampani yosungidwa kwina, ali ndi chinanso choti ayese. Masamba a pa intaneti amadutsira pa khomo nambala 443, pamene makalata olowa amadutsira pa 993, ndipo otuluka pa 587 kapena 465. Netiweki ina imatsegula 443 yokha. Kuti mudziwe, tsegulani PowerShell n'kulemba izi, mukuika dzina la seva yanu ngati si Gmail:

```
Test-NetConnection imap.gmail.com -Port 993
```

Mzere womaliza ukati TcpTestSucceeded : True, khomo ndi lotsegula. Ukati False pamene masamba akutseguka, khomolo latsekedwa penapake, ndipo wotsegula ndi mwini netiweki, osati inu.

Zonsezi zikalephereka m'pamene tingayambe kukayikira Outlook yeniyeniyo. Dinani batani la Windows pamodzi ndi R, mulembe outlook.exe /safe. Ikalumikiza bwino mwa njira imeneyi, wolakwa ndi kapulogalamu kena kowonjezera kamene kanamatidwa pa Outlook, ndipo mungakapeze ndi kukazimitsa ku File, Options, Add-ins. Ikakanabe, pangani mbiri yatsopano ya akaunti: mu Control Panel sankhani Mail, kenaka Show Profiles ndi Add. Yakaleyo musaichotse mpaka mutatsimikiza kuti yatsopano ikugwira ntchito.

Apa mpamene pamafunika kusamala kwenikweni, chifukwa ambiri ataya makalata a zaka zambiri pofuna kukonza vuto laling'ono. Outlook imasunga makalata m'mafayilo a mitundu iwiri. Ya .ost ndi kope chabe ya zimene zili pa seva, ndipo ikachotsedwa imapangidwanso. Komabe makalata amene akudikira mu Outbox, ndi mafoda olembedwa This computer only, sanafike ku seva, choncho amapita nayo limodzi. Ya .pst ndi yoopsa kwambiri kuikhudza: pa akaunti ya POP, makalata anu onse akhoza kukhala m'menemo mokha, kopanda kwina kowapeza. Wina akakuuzani kuti "tingofufuta fayiloyi tiyambirenso," mufunseni kaye kuti ndi ya mtundu uti, ndipo muikopere pa fulashi asanaikhudze.

Mukamakauza wa IT, mutengereni mayankho a mafunso atatu: pansi pa Outlook palembedwa chiyani, imelo ikutseguka pa tsamba kapena ayi, ndipo pa hotisipoti ya foni zikusintha kapena zili chimodzimodzi. Ndi mayankho amenewa adzadziwa koyambira asanagwire n'komwe laputopu yanu, ndipo nthawi zambiri mudzapeza kuti pofika pa funso lachitatu, vutolo mwalithetsa kale nokha.