Foni yomweyo, nkhope yatsopano

Ambiri amakopera phukusi la tizithunzi pa Play Store, n'kulitsegula, koma foni osasintha. Amayesa kuti bandulo yapita pachabe. Chimene chimasowa ndi chimodzi: pa mafoni ambiri a Android phukusilo siligwira ntchito palokha, limafuna lontcha yolilandira.

Lontcha ndi pulogalamu imene mumaiona mukangotsegula foni. Ndiyo imaika tizithunzi ta mapulogalamu m'mizere, ndiponso imasankha kukula kwake. Foni iliyonse imabwera ndi yake, monga HiOS ya Tecno kapena One UI Home ya Samsung, ndipo zambiri zobwera nazozi sizilandira tizithunzi tapadera. Choncho lontcha ndiyo iyambe kulowa, phukusi pambuyo.

Titenge Nova Launcher ndi phukusi la Whicons, limene tizithunzi take n'toyera tokhatokha. Mukakopera zonse ziwiri, pitani ku Settings, kenako Apps, Default apps, Home app, n'kusankha Nova. Mayinawa amasiyana pang'ono malinga ndi foni, koma kulemba Home app pamalo ofufuzira a Settings kumakufikitsani msanga. Mukabwerera, musadzidzimuke poona sikirini ili mbee. Palibe chafufutika, mapulogalamu onse ali pamndandanda umene umatuluka mukakokera chala m'mwamba, ndipo mumawakokera pasikirini limodzilimodzi.

Tsopano tsegulani Nova Settings, Look & feel, Icon style, Icon theme, ndipo dinani Whicons. Tizithunzi timasintha pomwepo. Poti n'toyera, ikani chithunzi chakumbuyo chakuda kapena chodera, apo ayi simutiona padzuwa.

Apa m'pamene pamaoneka chilema. Wojambula phukusi amajambula mapulogalamu odziwika padziko lonse, monga WhatsApp ndi Facebook, koma a banki yanu kapena otumizira ndalama kuno kwathu kawirikawiri sakhalamo. Amatsala ndi mitundu yawo yakale pakati pa anzawo oyera. Dinikizani kachithunziko kwa kanthawi, sankhani Edit, dinani chithunzicho, ndipo mutenge china m'phukusimo, monga cha chikwama cha ndalama. Dzina lapansi musalisinthe, kuopa kusokoneza pofulumira.

Vuto lina ndi la batire. Mafoni ena, pofuna kusunga moto, amatseka lontcha yatsopano mwakachetechete. Mudzazindikira poona sikirini ikukhala yopanda kanthu kwa masekondi angapo mukatuluka m'pulogalamu. Pitani ku Settings, Apps, pezani Nova, ndipo pa Battery muilole kugwira ntchito mosaletsedwa. Ngati foni ili ndi RAM ya 2 GB yokha, chepetsani zokongoletsa zoyendayenda.

Zikapanda kukusangalatsani, bwererani ku Home app musankhe lontcha yakale. Mudzapeza zonse zili mmene munazisiyira. Chenjezo n'limodzi: lontcha imaona pulogalamu iliyonse imene mwatsegula, ndiye musaike yochokera kwa mnzanu pa Bluetooth kapena yotumizidwa pa WhatsApp. Itengeni pa Play Store basi.