PCA: kupeza mbali imene manambala atambalalira kwambiri

PCA ndi njira ya masamu yochepetsera zinthu zoyezedwa mu tebulo la deta popanda kutaya zambiri za zimene tebulolo likunena. Karl Pearson anaifotokoza koyamba mu 1901, ndipo Harold Hotelling anaikonzanso payekha mu 1933. Maziko ake ndi akuti zoyezedwa ziwiri zikamakwera ndi kutsika pamodzi, ndiye kuti zikubwereza nkhani imodzi, choncho zingathe kuphatikizidwa kukhala nambala imodzi. Chimene chimanena kaphatikizidwe kake ndi maaigenivekitala a matirikisi ya kovariyansi.

Chitsanzo chaching'ono chikuonetsa ntchito yonse. Ophunzira asanu alemba mayeso a masamu ndi a sayansi. Pa masamu apeza 56, 58, 60, 62 ndi 64, pomwe pa sayansi, motsatana chimodzimodzi, apeza 46, 50, 48, 54 ndi 52. Wophunzira aliyense akaikidwa pa galafu ngati kadontho, masamu chopingasa, sayansi choimirira, timadontho tonse timaundana motalika ngati chinangwa chogona chopendekeka, kuchokera pansi kumanzere kukwera kumanja.

Choyamba ndi kuchotsa avareji. Avareji ya masamu ndi 60, ya sayansi ndi 50. Zikachotsedwa, masamu amatsala −4, −2, 0, 2, 4 ndipo sayansi imatsala −4, 0, −2, 4, 2. Apa manambala sakunenanso malikisi enieni, akungonena kutalika kwa wophunzira aliyense kuchokera pakati pa gulu.

Chachiwiri ndi kuyeza katambalalidwe. Variyansi imanena mmene manambala a phunziro limodzi amwazikira. Nambala iliyonse yotsala ija imachulukitsidwa ndi iyo yomwe, zotsatira zimaphatikizidwa, kenaka zimagawidwa ndi chiwerengero cha ophunzira kuchotsapo mmodzi. Pa masamu, 16 + 4 + 0 + 4 + 16 zikupereka 40, ndipo 40 kugawa ndi 4 ndi 10. Sayansi nayo ikupereka 10. Kovariyansi imayeza ngati maphunziro awiriwa amayendera limodzi. Nambala ya masamu ya wophunzira aliyense imachulukitsidwa ndi yake ya sayansi: 16 + 0 + 0 + 8 + 8 ndi 32, ndipo kugawa ndi 4 ndi 8. Popeza 8 ili pamwamba pa ziro, wokhoza masamu amakonda kukhozanso sayansi.

Manambalawa amaikidwa mu katebulo kotchedwa matirikisi ya kovariyansi:

```
C = | 10   8 |
    |  8  10 |
```

Tsopano pakufunika vekitala, umene ndi muvi woloza mbali ina pa galafu. Muvi wa (1, 0) ukuloza kumanja kokha, pomwe wa (1, 1) ukukwera chopendekeka. Muvi ukachulukitsidwa ndi matirikisi, kawirikawiri umatembenuka. Mwachitsanzo, (1, 0) kuchulukitsa ndi C kumapereka (10, 8), muvi umene wasiya kuloza kumanja kokha ndipo wapendekera m'mwamba. Koma (1, 1) umapereka (10 + 8, 8 + 10), kutanthauza (18, 18). Muviwu sunatembenuke ngakhale pang'ono, wangotalika ka 18. Muvi wotere ndiwo aigenivekitala, ndipo nambala yotalikitsayo ndi aigenivaliyu. Masamu amalemba motere:

```
C v = λ v
```

Matirikisi iyi ili ndi aigenivekitala wachiwiri, (1, −1), amene amapereka (2, −2), choncho aigenivaliyu yake ndi 2. Mivi iwiriyi imakumana mwa ngodya ya madigiri 90. Izi sizangozi: matirikisi ya kovariyansi imafanana mbali zonse ziwiri za mzere wake wapakati, ndipo maaigenivekitala a matirikisi yotere, ngati maaigenivaliyu ake ndi osiyana, amakumana mwa ngodya imeneyi nthawi zonse.

Chifukwa chimene mivi iyi ikufunikira chimaoneka ophunzira akayezedwa motsatira muvi woyamba. Muviwo umayamba wafupikitsidwa kuti utali wake ukhale 1, ndipo umakhala (0.707, 0.707). Nambala yatsopano ya wophunzira aliyense ndi 0.707 kuchulukitsa ndi masamu ake otsala aja, kuphatikiza 0.707 kuchulukitsa ndi sayansi yake. Zotsatira ndi −5.66, −1.41, −1.41, 4.24 ndi 4.24. Variyansi ya manambala asanuwa ndi 18, yofanana ndendende ndi aigenivaliyu ija. Palibe mbali ina iliyonse pa galafu imene ingapereke variyansi yoposa pamenepa. Mbali imeneyi ndiyo chigawo chachikulu choyamba, ndipo pano chikuimira kukhoza kwa wophunzira pa maphunziro onse awiri. Chigawo chachiwiri chikunena za kupendekera ku masamu kapena ku sayansi, ndipo variyansi yake ndi 2 yokha.

Variyansi yonse poyamba inali 10 + 10, ndipo tsopano ndi 18 + 2. Palibe chatayika, yangogawidwa mwatsopano. Chigawo choyamba chanyamula 18 mwa 20, amene ndi 90 peresenti. Wosunga chigawo ichi chokha amatsala ndi nambala imodzi m'malo mwa ziwiri, ndipo amataya 10 peresenti. Chotayikacho chikuoneka pa wophunzira wachiwiri ndi wachitatu. Onse apeza −1.41, chonsecho wachiwiri anapambana mnzake pa sayansi, wachitatu pa masamu. Kusiyana kwawoko kunali m'chigawo chotayidwacho. Pa tebulo la zoyezedwa 50, matirikisi imakhala ya mizere 50 mbali zonse, zigawo zimasanjidwa kuyambira cha aigenivaliyu yaikulu, ndipo zimasungidwa zoyambirira zochepa zimene zanyamula variyansi yochuluka.

Pa kompyuta, ntchito yonseyi ndi mizere yochepa ya Python:

```python
import numpy as np
X = np.array([[56,46],[58,50],[60,48],[62,54],[64,52]])
C = np.cov(X, rowvar=False)
w, V = np.linalg.eigh(C)
```

Lamulo la `eigh` limasanja maaigenivaliyu kuyambira yaing'ono, choncho `w` imatuluka 2 kenaka 18, ndipo chigawo choyamba chili mu mzere wotsika womaliza wa `V`. Kompyuta ingaperekenso (−0.707, −0.707) m'malo mwa (0.707, 0.707). Sikulakwitsa, ndi mzere womwewo, muvi wangoloza chobwerera.

Vuto lofala kwambiri ndi la miyeso yosiyana. Malikisi a sayansi atachulukitsidwa ndi 10, ngati mayesowo anachongedwa pa 1,000, variyansi yake ingakwere kufika 1,000 ndipo kovariyansi ingakhale 80. Chigawo choyamba chingakhale pafupifupi (0.08, 0.997) ndi kunyamula 99.6 peresenti. Peresentiyo ikuoneka yosangalatsa, koma chigawocho ndi sayansi yokha basi, masamu amira. Chizindikiro cha vutoli ndi aigenivekitala amene nambala yake imodzi ili pafupi ndi 1 pamene zina zili pafupi ndi ziro. Mankhwala ake ndi kugawa choyezedwa chilichonse ndi sikweya ruti ya variyansi yake ntchito isanayambe. Zikatero matirikisi imakhala ndi 1 pa mzere wapakati ndi 0.8 m'mbali, maaigenivaliyu amakhala 1.8 ndi 0.2, ndipo 90 peresenti ija imabwerera.

PCA ili ndi malire enanso. Imaona mizere yowongoka yokha, motero timadontho tokhala mozungulira kapena mokhota sitifupikitsidwa bwino. Nambala imodzi yolembedwa molakwika, monga 640 m'malo mwa 64, imakokera chigawo choyamba kwa iyo yokha, chifukwa variyansi imachulukitsa kutalika kulikonse ndi iko komwe. Komanso variyansi yaikulu sitanthauza kuti mbaliyo ndi yofunika pa funso lililonse. Mphunzitsi wofuna kudziwa ophunzira amene amapendekera ku masamu kusiyana ndi sayansi ayenera kusunga chigawo chachiwiri, ngakhale chanyamula 10 peresenti yokha.