Batani ndi lomwelo, koma wina akulumpha patali

Anzake awiri akusewera gemu imodzi, aliyense pa kompyuta yake. Wina akadina batani, kamunthu kake kakufika pamwamba pa khoma. Mnzake akadina batani lomwelo, kake kakugunda khomalo n'kugwa. Ambiri amathamangira kunena kuti wachiwiriyu alibe luso, pamene nthawi zina wolakwa ndi amene analemba gemuyo.

Zimene timaona zikuyenda pa sikirini ndi zithunzi zosinthana mofulumira, zotchedwa mafelemu. Kompyuta yofooka imajambula mwina 30 pa sekondi, yamphamvu 120 kapena kuposa. Pa felemu iliyonse, gemu imawerengetsa pamene kamunthu kafika, n'kuchepetsako liwiro lake lokwera, kutsanzira mphamvu imene imakokera zinthu pansi. Funso n'lakuti, ichepetse bwanji? Wolemba wina amayesa pa makina ake a mafelemu 60, n'kulemba chonchi:

```
y += vy * dt;
vy -= 13.3;
```

Apa `y` ndi pamene kamunthu kali, `vy` ndi liwiro lokwera, ndipo `dt` ndi nthawi imene yapita kuchokera pa felemu yapitayo. Mzere woyamba ukuyendera nthawi, koma wachiwiri ukungochotsa 13.3 pa felemu iliyonse. Kamunthu kakanyamuka ndi liwiro la mayunitsi 270 pa sekondi, pa makina a wolembayo kadzakwera mayunitsi pafupifupi 48. Pa mafelemu 120 kuchotsako kukuchitika mowirikiza kawiri, choncho kadzangofika theka la pamenepo. Pa mafelemu 30 kadzauluka kupitirira 90. Mankhwala oyamba ndi kulemba `vy -= 800 * dt`, kuti liwiro lizitsika ndi 800 pa sekondi, mafelemu achuluke kapena achepe.

Koma ngakhale akatswiri anagwapo m'mbuna imeneyi. Quake III Arena, gemu imene kampani ya id Software inatulutsa mu 1999, imayendera nthawi ndithu, ndipo manambala a 270 ndi 800 aja ndi ake. Pa masamu enieni, wosewera amayenera kukwera mayunitsi 45.6. Vuto linabisala pa kanthu kakang'ono: ikamaliza kuwerengetsa felemu, gemuyi imasandutsa liwiro kukhala nambala yathunthu imene ili pafupi.

Tiyeni titsate kulumpha kumodzi pa mafelemu 125. Felemu iliyonse imatenga mamilisekondi 8, ndipo pa nthawi imeneyo liwiro liyenera kutsika ndi 6.4. Kuchotsa 6.4 pa 270 kumasiya 263.6, koma gemu imasunga 264. Ndiye kuti yachotsa 6 basi. Felemu yotsatira zimabwerezanso, mpaka wosewera atatera. Kachidutswa kotayikako kakaunjikana, mphamvu yokokera pansi imakhala 750 m'malo mwa 800, ndipo munthu amakwera mayunitsi oposa 48. Amene felemu yake imatenga mamilisekondi 16 zimamutembenukira: 12.8 imasanduka 13, ndipo safika n'komwe pa 45.

Mayunitsi atatu kapena anayi amaoneka ochepa, koma ndi amene amalekanitsa wofika pa nsanja ndi wogwera pansi. N'chifukwa chake osewera a mpikisano ankalemba lamulo la `com_maxfps 125`, ndipo ena ankasakasaka mafelemu 333, pamene 2.4 imasanduka 2 n'kumukweza munthu kupitirira mayunitsi 54. Kwa ine uku kunali kupanda chilungamo koonekeratu, chifukwa wa kompyuta yosatha kufika pa 125 ankalowa m'bwalo atagonja kale pang'ono. Taonaninso kuti si kuchuluka kwa mafelemu kokha kumene kunkathandiza. Pa mafelemu 100, liwiro limatsika ndi 8 ndendende, palibe chotayika, ndipo palibenso phindu.

Njira yodalirika ndi kulekanitsa kujambula ndi kuwerengetsa. Gemu izisonkhanitsa nthawi imene yapita, n'kumayendetsa kamunthu m'magawo ofanana nthawi zonse, monga mamilisekondi 8. Makina ofooka adzawerengetsa magawo anayi asanajambule felemu imodzi, amphamvu adzajambula kangapo m'gawo limodzi, koma masamu adzakhala amodzi. Quake III inadzalandira njirayi kudzera mu `pmove_fixed` ndi `pmove_msec`. Ili ndi malire ake: kompyuta ikalephera kumaliza magawo pa nthawi yake, ngongole ya nthawi imakulirakulira mpaka gemu kuuma, choncho wolemba ayenera kuika malire a magawo pa felemu imodzi.

Ngati mukulemba gemu yanu, musadalire maso. Ikani malire a mafelemu pa 30, kenako 60, kenako 144, ndipo pa ulendo uliwonse lembani nambala yaikulu imene `y` yafika ndiponso nthawi imene kamunthu kakhala m'malere. Yesani zonse ziwiri, chifukwa khodi yosagwiritsa `dt` paliponse imapereka msinkhu wofanana koma nthawi yosiyana. Manambalawo akasiyana, konzani musanapatse ena gemuyo.